Vidiyo ikusewera pa kompyuta, TV yakale ikuikana: vuto lili pati?

Ku Mzuzu, anyamata obena nyimbo ndi mafilimu amalidziwa dandauloli. Munthu wapita nayo fulashi mtauni, amuikira vidiyo ya ukwati kapena ya kwaya ya kumpingo, aionera limodzi pa kompyuta ikusewera bwinobwino. Wafika kunyumba ku Chibavi kapena ku Zolozolo, wailowetsa ku TV, anthu asonkhana pabalaza, koma pa sikirini pangolembedwa `Unsupported file`. Mawa lake akubwerera kukanena kuti amubera. Nthawi zambiri palibe amene waba, ndipo vidiyoyo ndi yabwinobwino.

Ngati vidiyo ikusewera pa kompyuta, si ndiye kuti TV yanga ndi imene yafa?

Ayi. Vidiyo iliyonse imene ili mu fulashi ndi yopanikizidwa, chifukwa ikanasungidwa momwe kamera inaionera, mphindi imodzi yokha ikanadya magigabaiti angapo. Kuti ioneke, chipangizo choiseweretsa chiyenera kudziwa njira imene inapanikizidwira kuti chiimasule. Pa kompyuta ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu. VLC, imene ili pafupifupi pa kompyuta iliyonse yobenera, imabwera ikudziwa kale njira zambirimbiri, ndipo njira yatsopano ikatuluka, pulogalamuyo imangowonjezeredwa. Mu TV kapena mu makina a DVD ntchitoyi imagwiridwa ndi kachipangizo kamodzi komatidwa m'kati, kamene kanapangidwa kakudziwa njira zochepa za nthawi yake. TV ya mu 2011 siingamasule njira imene inakhazikitsidwa mu 2013, ngakhale itakhala kuti yangotuluka m'katoni lero. Chotero kuyesa vidiyo pa kompyuta kumangokuuzani kuti fayilo sinaonongeke, sikukuuzani chilichonse za TV yanu.

Koma TV zakale zija zonenepa kumbuyo zimawerenga vidiyo yamtundu wanji?

Siziwerenga fayilo iliyonse. TV yotere imangolandira chithunzi chomasulidwa kale kudzera pa nthambo yachikasu, ndi mawu pa nthambo yoyera ndi yofiira. Chimene chikukana vidiyo yanu ndi makina amene mwalowetsako fulashi kapena chimbale, kaya ndi DVD, kaya ndi dikoda. Izi n'zofunika kuzidziwa musanapite kokonvetetsa, chifukwa DVD, TV yopyapyala ndi dikoda zimasiyana kwambiri. DVD yokhala ndi polowetsa fulashi nthawi zambiri imadziwa njira zakale zokha, ndipo chithunzi chake sichipitirira madontho 720 m'mbali ndi 576 m'mwamba. TV yopyapyala ya zaka khumi kapena kuposerapo imadziwa zambiri kuposa pamenepo. Madikoda ena okhala ndi polowetsa fulashi amatha kusewera vidiyo imene DVD yaikana, popeza amamasula kale njira ya `H.264` imene kanema wamakono amaulutsidwira. Wobena akakufunsani kuti TV yanu ndi yotani, muuzeni dzina la makina amene mumalowetsako fulashi.

Pa katoni panalembedwa kuti imasewera `MP4`, ndipo vidiyo yanga ndi `MP4`. Ikukaniranji?

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale obena omwe, amasokonezekera. Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, monga `.mp4`, `.avi` kapena `.mkv`, zimangonena za chosungiramo. Zili ngati thumba lolembedwa feteleza limene mwagula kumsika: m'kati mwake mukhoza kukhala chimanga, nyemba kapena mpunga wa Kilombero, ndipo zolembedwa kunjazo sizikuuzani. M'kati mwa fayilo muli chithunzi chopanikizidwa ndi njira yake, ndi mawu opanikizidwa ndi njira yawo. Njira zimenezi ndi zimene amati makodeki.

Makodeki a chithunzi ali ndi mibadwo. Ma VCD ankagwiritsa `MPEG-1`, ma DVD amagwiritsa `MPEG-2`. Kenaka kunabwera `DivX` ndi `Xvid`, zimene zinadzaza zimbale za mafilimu m'zaka za m'ma 2000. `H.264` inakhazikitsidwa mu 2003, `H.265`, imene imatchedwanso `HEVC`, mu 2013, ndipo `AV1` mu 2018. Fayilo ya `.mp4` ikhoza kunyamula pafupifupi iliyonse mwa izi. Choonjezera chisokonezo n'chakuti DVD zambiri zolembedwa `MP4` kapena `MPEG4` kutsogolo kwake zimatanthauza banja la `DivX` ndi `Xvid`, osati ma `.mp4` amene foni yanu imajambula. Wogulitsa sananame kwenikweni, koma mawuwo ankatanthauza china pa nthawi imene makinawo ankapangidwa.

Nanga ndikangosintha dzina, `.mkv` n'kukhala `.mp4` kapena `.avi`?

Zam'kati sizisintha. Chimene chingachitike n'chakuti TV iyamba kuonetsa dzina la fayiloyo pa mndandanda, koma mukaidina ikanabe. Pa kompyuta chinyengochi sichioneka chifukwa VLC siidalira dzina, imasuzumira m'kati.

Koma ine ndinakonveta ndithu, pulogalamu inatenga ola lathunthu. Zikukanikabe chifukwa chiyani?

Chifukwa kusankha `MP4` mu pulogalamu yokonvetera n'kusankha chosungiramo chokha. Zina zonse pulogalamuyo imasankha yokha, ndipo nthawi zambiri imasunga zimene yazipeza mu vidiyo yoyambayo. Pali zinthu zinayi zimene zimatsalira choncho n'kugwetsa ntchito yonse.

Choyamba ndi kodeki imene tanena ija. Mafoni ambiri a masiku ano amajambula mu `H.265` kuti vidiyo isadye malo, ndipo mapulogalamu ena okonzera vidiyo amatulutsanso momwemo. Mavidiyo otengedwa pa YouTube amabwera kawirikawiri mu `VP9` kapena `AV1`. TV yakale siidziwa zonsezi.

Chachiwiri ndi kukula kwa chithunzi ndi liwiro lake. Ngakhale kodeki ikhale `H.264`, kachipangizo ka mu TV kali ndi malire ake. TV zambiri zopyapyala zakale zimafika pa chithunzi cha 1920 kwa 1080 pa zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi. Ojambula maukwati amakonda zithunzi 50 kapena 60 pa sekondi kuti magule azioneka osalala, ndipo vidiyo yotere imapitirira malirewo. Malire amenewa amalembedwa ngati `Level`: `4.0` kapena `4.1` TV zambiri zimalandira, koma `4.2` kapena `5.1` zambiri zakale zimakana, kapena zimasewera modukizadukiza mawu akuthamanga okha patsogolo.

Chachitatu ndi chobisika kwambiri, kuya kwa mitundu. TV zakale zimamasula mitundu ya mabiti 8 yosungidwa mwa njira yolembedwa `yuv420p`. Mafoni ena okwera mtengo amajambula mitundu ya mabiti 10, ndipo mapulogalamu ena ojambula sikirini ya kompyuta amasunga mitundu mwa njira ya `yuv444p`. Mukakonveta osauza pulogalamu kuti itsitse zimenezi, imatha kutulutsa `H.264` yamtundu wa `High 10` kapena `High 4:4:4`. Dzina ndi lomwelo, kompyuta ikusewera, koma TV imangoda bii kapena kuonetsa timabokosi tobiriwira.

Chachinayi ndi mawu, amene ali ndi funso lawolawo m'munsimu.

Ndingadziwe bwanji chimene chili m'kati mwa fayilo yanga?

Tsegulani vidiyoyo mu VLC pa kompyuta n'kudina `Ctrl+J`. Patuluka kawindo koonetsa kodeki ya chithunzi, kukula kwake, zithunzi pa sekondi ndi kodeki ya mawu. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaonetsa zambiri kuposa apa, kuphatikizapo `Level` ndi kuya kwa mitundu, ndipo wobena aliyense wofuna kuti makasitomala asamabwerere akulalata ayenera kukhala nayo.

Njira yachidule imene imaposa kuwerenga kabuku ka TV, kamene kunyumba zambiri kanasowa kalekale, ndi iyi. Pezani vidiyo imodzi imene mukudziwa kuti imasewera pa makina anuwo, kaya ndi ya nyimbo, kaya ndi filimu yomasuliridwa m'Chichewa imene ana amaonera tsiku ndi tsiku. Itseguleni mu MediaInfo pambali pa vidiyo yokanidwayo, n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Pamene ziwirizo zasiyana ndi pamene pali vuto, ndipo vidiyo yosewerayo yakupatsani kale muyeso woti mukonvetere.

Chithunzi chikuoneka koma mawu palibe. Chalakwika n'chiyani?

TV yamasula chithunzi koma yalephera mawu. Mawu amene makina akale amawalandira mosavuta ndi `MP3`, ndipo TV zopyapyala zimalandiranso `AAC` yanjira ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Mavidiyo a pa intaneti amatha kubwera ndi mawu a `Opus`, mafilimu akuluakulu ndi a `DTS` kapena `E-AC-3` anjira zisanu ndi imodzi. Ubwino wake ngwakuti pamenepa simufunika kukonveta chithunzi, mumangosintha mawu okha, ndipo ntchitoyo imatha m'mphindi zochepa. Mu pulogalamu yaulere ya FFmpeg zimalembedwa motere:

```
ffmpeg -i filimu.mkv -c:v copy -c:a aac -b:a 160k -ac 2 filimu-tv.mp4
```

Zikatembenuka, mawu akumveka koma chithunzi palibe, bwererani ku zinthu zinayi zija zimene zimatsalira pokonveta: ndi kodeki, kukula kapena kuya kwa mitundu.

TV siikuona n'komwe fulashi, kapena ikuonetsa ngati mulibe kanthu. Ndi vuto lomweli?

Ayi, ili ndi la fulashiyo, ndipo kukonveta kakhumi sikungathandize. Fulashi iliyonse imafomatidwa mwa dongosolo lake. Makina akale amawerenga `FAT32`. Mafulashi ndi mamemori khadi akuluakulu, a magigabaiti 64 kupita m'mwamba, kawirikawiri amabwera mu `exFAT`, imene makina akale ambiri saidziwa, ndipo `NTFS` ena amawerenga, ena ayi. Koma `FAT32` ili ndi lamulo lake: fayilo imodzi siingafike magigabaiti 4. Ndiye vidiyo ya ukwati ya magigabaiti 9 imakana kulowa mu fulashi imene TV ingawerenge, ngakhale malo alipo ambiri, n'kulowa mosavuta mu fulashi imene TV siingawerenge. Mankhwala ake n'kuchepetsa vidiyoyo kapena kuidula zigawo, n'kugwiritsa fulashi ya magigabaiti 8, 16 kapena 32 yofomatidwa mu `FAT32`. Kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse zili momo.

Palinso kachirombo kofala kwambiri m'makompyuta amene amalandira mafulashi a anthu ambiri. Kamabisa mafayilo enieni n'kusiya tizizindikiro tolozera kumene abisidwako. Pa kompyuta mukadina kachizindikiroko vidiyo imatsegukabe, koma TV siitsata tizizindikiro totere ndipo imaona ngati fulashi ndi yopanda kanthu. Ngati pa chithunzi cha fayilo kapena cha foda pali kamuvi kakang'ono pakona, kayikirani zimenezi.

Chithunzi chikutuluka chakuda ndi choyera, kapena chikugudubuzika. Apa ndiye vidiyo yaonongeka?

Nthawi zambiri ayi. Kanema wakale ku Malawi kuno ankayendera dongosolo la `PAL`, la mizere 576 yooneka ndi zithunzi 25 pa sekondi, logwirizana ndi magetsi athu amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Ku America ndi ku Japan ankagwiritsa `NTSC`, la mizere 480 ndi zithunzi pafupifupi 30. DVD ikaikidwa pa `AUTO`, imatha kutulutsa `NTSC` ikakumana ndi vidiyo ya zithunzi 30 pa sekondi, imene ndi imene mafoni ambiri amajambula. TV yodziwa `PAL` yokha ikalandira zimenezo imataya mitundu kapena chithunzi chimagudubuzika. Dinani `SETUP` pa limoti ya DVD, pezani pamene alemba `TV System` kapena `TV Type`, n'kusankha `PAL`. Malimoti ena ali ndi batani lolembedwa `N/P` lochita zomwezo, ndipo ana amalidina mwangozi kawirikawiri. Onaninso kuti nthambo yachikasu yalowa pa bowo lachikasu, chifukwa ikalowa pa lobiriwira la kumbuyo kwa DVD chithunzi chimatulukanso chopanda mitundu.

Tiyerekeze ndili ndi vidiyo ya ukwati ya maola atatu, ndipo kwa agogo ku Mchengautuwa kuli TV yonenepa ndi DVD ya fulashi. Ndichite chiyani kwenikweni?

Tinene kuti MediaInfo yakuonetsani izi: `HEVC`, 1920 kwa 1080, zithunzi 50 pa sekondi, mawu a `AAC`, kukula magigabaiti 9. Pa makina a agogowo chilichonse mwa izi ndi chopinga pachokha. Kodeki saidziwa, chithunzi n'chachikulu kuposa 720 kwa 576, liwiro ndi lowirikiza kawiri, mawu a `AAC` mwina sawamasula, ndipo fayilo siingalowe mu `FAT32`. Wokonveta akasintha chimodzi chokha, mwachitsanzo `HEVC` kupita ku `H.264`, makinawo akanabe, ndipo iye aganiza kuti kusinthako kunalibe ntchito.

Chimene mukufuna ndi fayilo ya `.avi` yokhala ndi chithunzi cha `Xvid`, kukula 720 kwa 400 kuti anthu asaoneke atalitali kapena ofutukuka, zithunzi 25 pa sekondi ndi mawu a `MP3`. Musayambe ndi maola atatu onse. Konvetani mphindi imodzi yokha:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -t 60 -vf "scale=720:400,setsar=1,fps=25" -c:v mpeg4 -vtag XVID -b:v 1500k -c:a libmp3lame -b:a 128k -ac 2 mayeso.avi
```

Mawu akuti `-vtag XVID` akuoneka aang'ono koma ndi ofunika. Fayilo ya `.avi` imanyamula zilembo zinayi zouza makina kodeki imene ili m'kati. FFmpeg ikasiyidwa yokha imalemba `FMP4`, zimene DVD zambiri sizizindikira ngakhale zingathe kumasula chithunzicho. Ngati mukugwiritsa pulogalamu yodina ndi mbewa monga Format Factory, sankhani `AVI` kenaka mulowe m'zosankha zake n'kuika nokha `Xvid`, kukula, liwiro ndi `MP3`. Mukaona zosankha zolembedwa `QPel` ndi `GMC`, zisiyeni zozimitsa, chifukwa DVD zambiri zimalephera pamenepo. HandBrake ndi pulogalamu yabwino, koma siitulutsa `.avi`, choncho pa ntchito iyi ingokutayitsani nthawi.

Kamphindi kameneko kakasewera kwa agogo, werengerani kukula kwa vidiyo yonse. Chithunzi chikudya makilobiti 1,500 pa sekondi ndipo mawu 128, pamodzi 1,628. Ola limodzi lili ndi masekondi 3,600. Mukachulukitsa n'kugawa ndi 8,000 mupeza mamegabaiti pafupifupi 730 pa ola, kapena magigabaiti 2.2 pa maola atatu. Mu `FAT32` zimenezi zilowa, koma DVD zambiri zakale zimakakamira pa `.avi` yopitirira magigabaiti 2, ndipo zina zimaima ikangodutsa gigabaiti imodzi. Idulani zigawo zitatu za ola limodzilimodzi, tinene kutchalitchi, kojambulitsa zithunzi ndi perekaniperekani. Gawo lachiwiri mumalitenga poika `-ss 3600` patsogolo pa `-i` ndi `-t 3600` m'malo mwa `-t 60`. Apatseni mayina afupiafupi opanda zizindikiro zachilendo, monga `UKWATI1.avi`, n'kuwaika poyera mu fulashi, osati m'kati mwa mafoda asanu. Kudulako kumathandizanso magetsi akazima pakati pa ntchito, popeza mumabwereza gawo limodzi lokha.

Nanga ikakhala TV yopyapyala ya zaka khumi zapitazo?

Apo simufunika kutsika mpaka `Xvid`. Muyeso umene umasewera pafupifupi pa TV iliyonse yotere ndi `H.264` ya mabiti 8, kukula 1280 kwa 720, zithunzi 25 pa sekondi ndi mawu a `AAC`:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "scale=1280:720,fps=25" -c:v libx264 -profile:v main -level 3.1 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k -ac 2 ukwati-tv.mp4
```

Mwina munazindikirapo kuti kavidiyo kolandira pa WhatsApp kamasewera pa TV imene ikukana vidiyo yoyambirira ya mu foni yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti WhatsApp imakachepetsa n'kukaika mu `H.264` ndi `AAC` isanakatumize, pokhapokha katatumizidwa ngati chikalata. Ena amagwiritsa zimenezi ngati njira yokonvetera, ndipo pa kavidiyo kakafupi zimatheka, koma pa ukwati wathunthu mungoononga bando n'kutsala ndi chithunzi chosaoneka bwino.

Ndinabenetsa pa chimbale, pa kompyuta chikusewera, DVD ikuti `No Disc` kapena `Unknown Disc`. Chifukwa?

Kukopera fayilo ya `.mp4` pa chimbale sikupanga filimu ya DVD, kumangopanga chimbale chosungira mafayilo. Filimu yeniyeni ya DVD imakhala mu `MPEG-2`, kukula 720 kwa 576, mu foda yolembedwa `VIDEO_TS` yokhala ndi mafayilo a `.VOB` ndi `.IFO`, ndipo imakonzedwa ndi pulogalamu yapadera monga DVDStyler. Lowetsani chimbalecho mu kompyuta muone. Ngati mulibe `VIDEO_TS`, makina osadziwa `DivX` sangachisewere. Ngati ilimo koma chikukanidwabe, mwina wobena sanachitseke pomaliza kubena, kapena anachibena pa liwiro lalikulu, kapena diso la makinawo latopa ndi fumbi. Diso lotopa limayamba kukana zimbale zobena likuwerengabe zogula kusitolo. Chimbale wamba cha magigabaiti 4.7 chimanyamula pafupifupi maola awiri a chithunzi chabwino, choncho ukwati wa maola atatu uja ndi bwino ugone pa zimbale ziwiri.

Kodi kukonveta kukhala `HD` kapena `4K` sikungathandize kuti ioneke bwino pa TV?

Kumaononga zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kukonveta kulikonse kumataya pang'ono ubwino wa chithunzi, ndipo kukulitsa chithunzi sikubwezeretsa zimene kamera sinajambule. Pamwamba pa apo mukupanga fayilo yolemera imene makina akale aikana msanga. TV yonenepa siingaonetse mizere yoposa 576 ngakhale muipatse chiyani. Chofunika n'kukonveta kuchokera ku fayilo yoyambirira nthawi zonse, osati kuchokera ku imene inakonvetedwa kale, ndi kusunga yoyambirirayo bwino. Amene amafufuta vidiyo yeniyeni ya ukwati chifukwa yaing'ono ija yasewera kwa agogo adzanong'oneza bondo tsiku limene adzagule TV yaikulu.

Kodi TV kapena DVD singakonzedwe kuti iziwerenga mavidiyo atsopano?

Katswiri wokonza ma TV akhoza kusintha bowo la fulashi lothyoka kapena diso la DVD, koma sangaphunzitse kachipangizo kakale kumasula `H.265`. Ngakhale kuika pulogalamu yatsopano ya mu TV kumangokonza tizolakwika ting'onoting'ono. Ngati mumaonera mavidiyo atsopano pafupipafupi, n'kwanzeru kusiya TV ikhale sikirini chabe, ntchito yomasula n'kuipatsa chipangizo china. TV yopyapyala yokhala ndi bowo la `HDMI` mukhoza kuilumikiza ku laputopu, kapena ku kabokosi koseweretsa mavidiyo kolembedwa kuti kamadziwa `H.265`. Pa TV yonenepa funani kabokosi kokhala ndi potulukira nthambo yachikasu, yoyera ndi yofiira, kapena kachipangizo kosintha `HDMI` kukhala nthambo zitatuzo. Tizipangizo timeneti timagwira mbali imodzi yokha, ndipo kosintha `AV` kupita ku `HDMI` kamafanana kwambiri maonekedwe ndi kamene mukufunako, choncho werengani kuti palembedwa `HDMI to AV`, ndipo mukafika kunyumba kankhani kabatani kake kam'mbali pa `PAL`. Popita kukagula, kaya ndi ku Taifa kaya ndi m'mashopu a mtauni, nyamulani fulashi yokhala ndi vidiyo imene ikukanidwayo, aiyese muli pomwepo musanalipire.